Kontirakiti iwerengedwe isanasainidwe

Tsiku limene mwana wapeza ntchito pakhomo pamakhala chikondwerero. Mayi amalulutira, bambo amayamba kuwerengera matumba a feteleza, ndipo achibale amaimba foni kufunsa kuti malipiro ndi zingati. Koma funso limene silimveka kawirikawiri ndi lakuti: kodi pepala lomwe wasainalo likuti chiyani, nanga lako lili kuti?

Achinyamata ambiri olembedwa ntchito m'maholoselo, m'malo omwetsera mafuta, m'sukulu zomwe si zaboma ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'matauni amasaina kontirakiti ali chiimire, abwana atawalozera ndi chala pofunika kulemba dzina. Pepalalo limabwerera m'dirowa, ndipo mwini wake amadzalionanso tsiku lomwe ntchito yatha, pomwe ndime iliyonse yasanduka ndodo yomukwapulira.

Mchitidwewu uyenera kutha. Kontirakiti iyenera kuwerengedwa modekha, makamaka ndime zinayi zomwe zimautsa mikangano yambiri: ya pulobeshoni, ya kutha kwa ntchito, ya ovataimu ndi ya tchuthi.

Lamulo la za ntchito lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 2000, n'kulikonzanso mu 2010 ndi mu 2021, lidaika malire omwe bwana aliyense sayenera kutsika pansi pake. Lamuloli limakhudza ogwira ntchito m'makampani ndi m'boma momwe, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Limanenanso kuti bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apereke kwa wantchito aliyense pepala lofotokoza mfundo za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchitoyo. Papepalapo payenera kuoneka maina a mbali zonse ziwiri, tsiku loyamba ntchito, malipiro ndi kawerengedwe kake, nthawi yolandirira, mtundu wa ntchito, maola ogwira ntchito, za kutha kwa ntchito ndi malamulo a mwambo wa pantchitopo.

Choncho wopempha pepala lake sakuchita mwano, akungofunsa chomwe lamulo lidamupatsa kale.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa munthu asanayambe kuwerenga. Ndime zoipa za m'kontirakiti zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa ndime zomwe zikuphwanya lamulo, monga yonena kuti wantchito sadzapita kutchuthi. Siginecha siifafaniza lamulo, ndipo munthu angathe kukadandaula ngakhale adasaina, ngakhale kuti kudandaulako kumadya nthawi ndi ndalama zoyendera. Mtundu wachiwiri ndi wa ndime zowawa koma zololedwa, monga pulobeshoni ya chaka chathunthu kapena notisi ya miyezi itatu. Zimenezi munthu akasaina zamumanga, ndipo palibe ofesi yomwe ingamumasule. Nthawi yokambirana za ndime zoterezi ndi imodzi yokha, cholembera chisanakhudze pepala.

Chitsanzo chimodzi chingathandize kuona momwe zinthuzi zimayendera. Mtsikana amene adachita maphunziro a zowerengera ndalama walembedwa ntchito yolandira ndalama paholoselo ina pamsika waukulu ngati wa Lunzu kapena Mponela. Wayamba pa 1 Malichi, malipiro ake ndi K208,000 pamwezi, ndipo amagwira ntchito kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Kontirakiti yake ndi ya masamba atatu, ya m'Chingerezi, ndipo waisaina m'mphindi ziwiri.

Pulobeshoni ili ndi polekezera

Ndime yoyamba m'pepala la mtsikanayu ikuti adzakhala papulobeshoni miyezi itatu, koma nthawiyi ingathe kuwonjezedwa monga abwana angafunire. Iye waona mawu akuti miyezi itatu n'kukhutira. Mawu otsatirawo sadawalabadire.

Pulobeshoni ndi nthawi yoyesana. Bwana amaona ngati munthuyo akuithadi ntchito, ndipo wantchito amaona ngati malowo akumuyenera. Lamulo limalola nthawiyi pa ntchito zofuna luso, ndipo limati mbali ziwirizo zigwirizane za kutalika kwake, koma isapitirire miyezi 12. Pa nthawi imeneyi aliyense mwa awiriwo angathe kuthetsa mgwirizano popanda notisi, ndipo wochotsedwa ali papulobeshoni salandira ndalama yotsazikira, ija ambiri amaitchula kuti sevalansi.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wa papulobeshoni waima pa mwendo umodzi. Angathe kuuzidwa masana kuti mawa asabwere, ndipo amapita ndi malipiro a masiku omwe wagwira ndi a tchuthi chomwe wasonkhanitsa basi. N'chifukwa chake munthu amene akusiya ntchito yokhazikika pofuna ina ya malipiro okwererapo ayenera kuyang'ana ndime imeneyi kawiri. Kuwonjezeredwa K30,000 pamwezi n'kwabwino, koma ngati kukubwera ndi chaka chathunthu choima pa mwendo umodzi, banja liyenera kukhala pansi n'kuganiza.

Mafunso ofunsa pa ndimeyi ndi atatu. Kodi pulobeshoni ikutha tsiku liti, lotchulidwa ndi deti lake? Kodi ikafuna kuwonjezedwa, idzawonjezedwa ndi miyezi ingati, ndipo kodi padzakhala kalata yonena chifukwa? Nanga ikatha, kodi munthu adzalandira kalata yomukhazikitsa? Pomwe malipiro a papulobeshoni ndi ocheperapo, malipiro omwe adzayambe ikatha alembedwenso papepala pomwepo, chifukwa lonjezo la pakamwa limaiwalika msanga, makamaka manijala amene adalonjezayo akasamutsidwa.

Kwa mtsikana uja miyezi itatu yadutsa popanda kalata iliyonse. Akafunsa amauzidwa kuti abwana akuonabe. Chaka chatha, mwezi wa 13 wadutsa, ndipo pa 30 Epulo chaka chotsatira, atagwira miyezi 14, wauzidwa kuti ntchito yatha lero lomwe popeza adali adakali papulobeshoni.

Apa bwanayo walakwitsa. Ngakhale pepala lidati nthawi ingawonjezedwe monga iye afunira, kufuna kwake kudathera pa miyezi 12. Kuyambira pa 1 Malichi chaka chachiwiri mtsikanayo sadalinso woyesedwa. Koma zikadachitika m'mwezi wa 11, nkhani yake ikadakhala yovuta, chifukwa mawu aja adawasaina yekha.

Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti pulobeshoni si chilolezo chochitira munthu tsankho. Lamulo limaletsa kusala wantchito chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, kulumala kapena kuti ndi wamkazi, ndipo kuchotsa mayi ntchito chifukwa chakuti ndi woyembekezera ndi mlandu.

Ntchito imatha bwanji

Pa tsiku loyamba palibe amene amafuna kuganiza za tsiku lomaliza, komabe ndime ya kutha kwa ntchito ndiyo imanena ngati banja lidzakhale ndi ndalama ya lendi mwezi wotsatira.

Choyamba kuona ndi mtundu wa kontirakiti. Ilipo yopanda tsiku lothera, ilipo ya nthawi yoikika monga miyezi sikisi kapena chaka, ndipo ilipo ya ntchito imodzi monga kumanga nyumba. Ya nthawi yoikika imatha yokha tsiku lake likakwana popanda notisi. Mphunzitsi wa sukulu yomwe si yaboma amene wasaina pepala lothera mu Julaye asadabwe akapanda kulandira kanthu mu Ogasiti. Komabe mabwana ena amagwiritsa ntchito makontirakiti afupiafupi, kumangowasainitsanso chaka ndi chaka, pa ntchito yomwe ndi ya masiku onse pakampanipo. Lamulo lidaona msampha umenewu, ndipo limati ngati cholinga kapena zotsatira zake n'kudzaza mpando wokhazikika, kontirakitiyo itengedwe ngati yopanda tsiku lothera.

Chachiwiri ndi notisi. Kwa munthu wolandira pamwezi, notisi ndi ya mwezi umodzi ndipo ikhale yolembedwa. Kwa wolandira pamlungu imayambira pa mlungu umodzi, ndipo kwa wolandira patsiku imayambira pa tsiku limodzi, n'kumakwera malinga ndi zaka zomwe munthu wagwira. Bwana amene sakufuna kuti munthu agwire mwezi wa notisiwo ayenera kumulipira ndalama ya mweziwo.

Notisi imamanga mbali zonse. Wantchito wongochoka osatsazika nayenso amayenera kulipira bwana ndalama ya nthawi ya notisiyo. Tsono ngati pepala likuti notisi ndi ya miyezi itatu, munthu adziwe kuti akadzapeza ntchito ina yomufuna msanga adzayenera kudikira miyezi itatuyo kapena kulipira. Kwa wolandira K208,000, imeneyo ndi K624,000. Ndime yotere si yophwanya lamulo, ndipo ili ndi ubwino wake ngati ikumanganso bwana mofanana. Chofunika kuonetsetsa n'chakuti isakhale yopendekera, yoti wantchito apereke miyezi itatu pomwe bwana akupereka umodzi.

Chachitatu ndi chifukwa chochotsera munthu. Makontirakiti ambiri amanena kuti kampani ingathetse mgwirizano nthawi iliyonse popereka notisi ya mwezi umodzi, ndipo mabwana ena amaganiza kuti notisiyo ndi yokwanira. Sizili choncho. Lamulo limafuna chifukwa chomveka chokhudza khalidwe la munthuyo, kulephera kwake ntchito, kapena zovuta za kayendetsedwe ka kampani. Ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, munthuyo ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza asanachotsedwe. Nkhani ikafika kukhoti, ndi bwana amene amayenera kupereka chifukwacho, ndipo akalephera kumatengedwa kuti munthuyo adachotsedwa mopanda chilungamo.

Izi sizikutanthauza kuti wantchito ndi wosakhudzika. Wopalamula mlandu waukulu monga kuba, wojomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, wokana dala malangizo oyenera, wonyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, ngakhalenso wonama kuti ali ndi luso lomwe alibe, angathe kuchotsedwa popanda notisi. Kawirikawiri kontirakiti imatchula buku la malamulo a pakampani n'kunena kuti ndi mbali ya mgwirizano. Wosaina pepala lotere wavomereza buku lomwe mwina sadalionepo, choncho ndi bwino kulipempha n'kuwerenga mndandanda wa zolakwa zochotsetsa ntchito. Kwa wolandira ndalama ngati mtsikana uja, ndime yonena za ndalama zoperewera m'kabati pomaliza tsiku ndi yofunika kuiyang'anitsitsa, kuti zidziwike kuti ndani amawerenga ndalamazo, pamaso pa yani, ndipo zikaperewera chimachitika n'chiyani.

Pa ndalama yotsazikira anthu ambiri akadali ndi chithunzi chakale. Chisinthireni lamulo mu 2010, sevalansi imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, ikukumana ndi mavuto a zachuma kapena ikusintha kayendetsedwe kake, komanso akachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha ntchito mwa kufuna kwake kapena wochotsedwa moyenera pa mlandu salandira. Kawerengedwe kake ndi malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka zisanu zoyamba, milungu itatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi milungu inayi kuyambira chaka cha 11. Penshoni ndi nkhani ina payokha, yomwe bwana amasonkha ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5. Ndi bwino pepala litchule komwe ndalama za penshonizo zikupita.

Maola owonjezera ndi ndalama

Ndime yachitatu m'kontirakiti ya mtsikana uja ikuti adzagwira ntchito maola omwe bizinesi ikufuna, ndipo malipiro ake akuphatikiza nthawi yonse yowonjezera. Mawu amenewa amaoneka osalakwa, koma ndi omwe amadya ndalama zambiri kuposa ena onse.

Lamulo limati maola a ntchito asapitirire 48 pamlungu, osawerengera ovataimu. Wogwira masiku sikisi pamlungu maola ake ndi 8 patsiku, ndipo munthu sayenera kugwira masiku oposa sikisi otsatizana popanda kupuma maola 24. Nthawi yopitirira pamenepa ndi ovataimu, ndipo ili mitundu itatu. Ya tsiku wamba la ntchito imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Ya tsiku lomwe munthu amayenera kupuma imalipidwa kawiri, chimodzimodzinso ya tsiku la tchuthi cha dziko monga pa 6 Julaye kapena pa Khirisimasi.

Masamu ake si ovuta. Mwezi wa munthu wogwira masiku sikisi pamlungu uli ndi masiku a ntchito pafupifupi 26. Kugawa K208,000 ndi 26 kumapereka K8,000 patsiku, ndipo kugawanso ndi maola 8 kumapereka K1,000 pa ola. Choncho ola lowonjezera la tsiku wamba ndi K1,500, pomwe la Lamulungu kapena la tchuthi cha dziko ndi K2,000.

Holoselo ija imatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo. Kuchotsapo ola limodzi la nkhomaliro, mtsikanayo amagwira maola 10 patsiku, kutanthauza maola awiri owonjezera. Pamwezi ndi maola 52, omwe ndi K78,000. Pa miyezi 14 ndalamayi ikupitirira K1 miliyoni. Imeneyo ndi fizi ya mng'ono wake ndi malata a nyumba ya makolo, ndipo yapita maola awiriawiri popanda amene adaiona ikuchoka.

Wopatsidwa pepala lonena kuti malipiro akuphatikiza ovataimu afunse kuti malipiro enieni ndi zingati, ya ovataimu ndi zingati, ndipo ikuimira maola angati. Zikalembedwa padera, munthu angathe kuwerengera yekha ngati zikugwirizana ndi lamulo. Afunsenso kuti wovomereza ovataimu ndani, chifukwa makontirakiti ena amati maola owonjezera adzalipidwa pokhapokha manijala atavomereza molemba. Wotsalira pantchito mpaka usiku popanda chilolezo chotere adzavutika kuti alipidwe.

Vuto lalikulu pa milandu ya ovataimu ndi umboni. Bwana amati sitolo imatseka 4 koloko, wantchito amati 6 koloko, ndipo buku losainira pofika ndi poweruka lili m'manja mwa bwanayo. Mankhwala ake ndi otchipa: kope la sukulu lolembamo deti, nthawi yofika ndi nthawi yoweruka tsiku lililonse. Kope lolembedwa tsiku ndi tsiku limalemera kuposa kukumbukira kwa munthu wokwiya, makamaka likagwirizana ndi mapepala a malipiro ndi mauthenga a pafoni omuitana kuntchito Lamulungu.

Tchuthi si chifundo cha bwana

Pa tchuthi, pepala la mtsikana uja likungoti chidzaperekedwa ntchito ikachepa. Paholoselo ntchito siichepa. Ikatha nyengo yokolola imabwera ya feteleza, kenako Khirisimasi, kenako kutsegulira kwa sukulu.

Lamulo limapereka masiku 18 pachaka kwa wogwira masiku sikisi pamlungu, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu, onsewo olipidwa. Awa ndi masiku a ntchito, kotero tsiku lopuma siliwerengedwa, ndipo pa mbali zonse ziwiri tchuthicho chimakwana milungu itatu. Bwana ali ndi mawu pa nthawi yomwe tchuthi chingatengedwe, koma chiyenera kutengedwa pasanathe miyezi sikisi chikwanireni, pokhapokha awiriwo atagwirizana kuchisunga. Ntchito ikatha, masiku omwe sadatengedwe amasanduka ndalama.

Tchuthi cha matenda chili ndi mfundo yomwe ambiri saidziwa. Lamulo limapereka milungu inayi ya malipiro onse ndi milungu 8 ya theka la malipiro pachaka, munthu akabweretsa kalata ya kuchipatala, koma ufuluwu umayamba akagwira miyezi 12 mosadukiza. M'chaka choyamba chomuteteza munthu ndi zomwe zalembedwa m'kontirakiti basi. Malungo sadikira kuti chaka chikwane, choncho funso lakuti chimachitika n'chiyani munthu akadwala m'mwezi wachinayi ndi loyenera kufunsidwa asanasaine.

Mayi woyembekezera ali ndi milungu yosachepera 8 ya malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo ntchito yake iyenera kumudikira. Kuyambira mu 2021 bambo nayenso ali ndi milungu iwiri kamodzi pa zaka zitatu mwana akabadwa. Mawu akuti zaka zitatu ndi ofunika kuwamva bwino, chifukwa mwana wachiwiri akabwera nthawiyo isanakwane, malipiro a tchuthicho amadalira zomwe kontirakiti kapena malamulo a pakampanipo akunena.

Za maliro nazo n'chimodzimodzi. Lamuloli silitchula masiku okalira maliro, chonsecho palibe banja la kuno lomwe lingathe zaka popanda zovuta. Makampani ena amapereka masiku angapo, ena amadula pa tchuthi cha pachaka, ndipo ena amadula malipiro. Ndi bwino kudziwiratu masiku ake ndiponso achibale omwe akuwerengedwa, kusiyana n'kukangana ndi bwana mtembo uli m'nyumba.

Zomwe mtsikana uja angafunse

Atabwerera kunyumba pa 30 Epulo ndi malipiro a mwezi womwewo okha, mtsikanayo ali ndi zambiri zoti afunse. Ndalama ya notisi ndi K208,000. Masiku a tchuthi ndi 18 a chaka choyamba ndi atatu a miyezi iwiri yotsatira, onse pamodzi 21, omwe pa K8,000 patsiku ndi K168,000. Ovataimu ikupitirira K1 miliyoni ngati ali ndi umboni. Zikapezeka kuti adachotsedwa mopanda chilungamo, palinso sevalansi ya milungu iwiri, yomwe ndi K96,000, kuphatikizapo chipukutamisozi chomwe khoti lingagamule.

Malipiro otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 ntchito itatha, ndipo munthu ali ndi ufulu wopempha chikalata chosonyeza kuti adagwirapo ntchito pamalopo. Pa tsiku lotereli kawirikawiri pamatuluka pepala lina loti asaine, lonena kuti walandira zonse ndipo sadzafunsanso kanthu. Pepala limeneli ndi lofunika kuliwerenga mofatsa kuposa loyamba lija, ndipo munthu asalisaine asanawerengere yekha zomwe akuyenera kulandira.

Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limapita ku ofesi ya leba ya m'boma lomwe munthu ali, pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Kwa mtsikanayu ndiye kuti Julaye asanathe. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse kuti azigwirizanitse, ndipo zikakanika nkhani imapita kukhoti loona milandu ya za ntchito, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Funso loyamba kumeneko limakhala lakuti, kontirakiti ili kuti? Amene adasiya pepala lake m'dirowa ya bwana amayamba mlandu ali kale kumbuyo.

Njala ya ntchito

Pali mawu omwe makolo ambiri anganene, ndipo ndi omveka. Ntchito ndi zosowa, panja pali anthu makumi odikira mpando womwewo, ndipo mwana wofunsa mafunso ambiri angauzidwe kuti apite akaganize bwino kwawo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, amatero akuluakulu.

Mantha amenewa si opanda pake, ndipo palibe amene angadzudzule munthu wosaina pepala lowawa chifukwa kunyumba kulibe ufa. Koma kuwerenga si kukana ntchito. Munthu angathe kupempha mwaulemu kuti atenge pepalalo akalione usiku umodzi, kapena kukhala pambali theka la ola n'kuliwerenga. Angathe kufunsa funso limodzi kapena awiri ofunikitsitsa m'malo mwa khumi. Ngakhale zitakanika kusintha ndime ndi imodzi yomwe, wowerenga amalowa ntchito akudziwa tsiku lomwe pulobeshoni yake singapitirire, mtengo wa ola lake ndi masiku a tchuthi chake. Amadziwanso kuti ayambe kulemba m'kope tsiku loyamba lomwelo.

Pali zinthu ziwiri zokha zosayenera kugonjerapo. Choyamba, munthu asasaine pepala lomwe lili ndi mipata yosalembedwa pa malipiro, pa deti kapena pa maola, poti mpata umadzadzazidwa iye kulibe. Chachiwiri, atenge pepala lake losainidwa ndi mbali zonse, ndipo zikavuta alijambule pafoni tsamba lililonse. Bwana wokana kuti wantchito akhale ndi pepala lake waonetseratu tsiku loyamba momwe tsiku lomaliza lidzakhalire.

Ogwira ntchito m'malo ang'onoang'ono, monga m'nyumba za anthu, m'zigayo ndi m'maokala momwe antchito safika asanu, asaganize kuti lamulo lidawaiwala. Mgwirizano wa pakamwa nawonso ndi mgwirizano, ndipo notisi, tchuthi ndi ovataimu zimawakhudza. Chovuta ndi umboni, choncho ngakhale tsamba limodzi lolembedwa pamanja, lotchula tsiku loyamba, malipiro ndi maola, n'kusainidwa ndi onse awiri pamaso pa mboni, limathandiza mbali zonse.

Mabwana nawo ali ndi gawo lawo. Ambiri a m'matauni ang'onoang'ono sachita izi mwankhanza, koma amangokopera kontirakiti ya mnzawo osadziwa kuti ndime zina n'zosemphana ndi lamulo, ndipo amadzadzidzimuka atalamulidwa kulipira ndalama za zaka zingapo nthawi imodzi. Pepala lomveka, lofotokozedwa m'chinenero chomwe wantchito akumva, limateteza bizinesi monga momwe limatetezera wantchito. Maofesi a leba nawonso asamangodikira madandaulo. Kufika m'misika ikuluikulu n'kufotokozera anthu ndime zinayizi kungachepetse mizere ya odandaula pakhomo pawo.

Koma udindo woyamba uli pakhomo. M'banja lililonse kapena pafupi nalo muli wina wodziwa Chingerezi, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mlembi wopuma ntchito, amene angakhale pansi ndi mwanayo n'kudutsa ndime imodziimodzi. Makolo amene sangagule munda asanayende m'malire ake asalole mwana wawo kupereka chaka cha moyo wake papepala lomwe palibe adaliwerenga. Safunsa adadya phula. Nthungululu zingathe kudikira usiku umodzi, mpaka pepala litawerengedwa ndipo lina litasungidwa m'sutukesi pamodzi ndi masatifiketi.